Mnzanu wakwezedwa pantchito: mumuuza chiyani m'Chidatchi?

M'maofesi ambiri a ku Holandi, dziko limene eni ake amalitcha Nederland, munthu akakwezedwa pantchito pamayenda envulopu. M'kati mwake mumakhala khadi, ndipo imachoka pa desiki iyi kupita pa desiki iyo mwakachetechete kuti mwini nkhani asaione. Ikamafika pa inu imakhala itadzaza kale. Wina walemba chopingasa m'mphepete, wina wangosaina dzina, ndipo inu akusiyirani kamalo kosaposa chala chachikulu. Cholembera chili m'manja, mnzanu wa pambali akudikira kuti nayenso alembepo.

Kwa ife amene tinakulira m'Chichewa, pamenepa m'pamene pamavuta, chifukwa pakamwa pathu pamakhala podzaza. Timafuna kuthokoza Chauta amene watsegula khomo, kukumbutsa mnzathuyo kumene wachokera, kumufunira nzeru ndi moyo wautali, n'kumalizira ndi kakuti asatiiwale. Zonsezo n'zochokera pansi pa mtima. Koma mukazitembenuzira m'Chidatchi mmene zilili, wolandirayo adzazizwa, mwinanso kuchita manyazi. Kumeneko uthenga wotere umakhala wa ziganizo zitatu kapena zinayi basi, ndipo poti mawu ndi ochepa, lililonse limaoneka bwinobwino, lolakwika n'lolondola lomwe.

Tiyerekeze kuti amene wakwezedwayo ndi mayi amene mwagwira naye ntchito zaka ziwiri mu ofesi imodzi. Timutche Sanne, dzina lofala kumeneko. Wasankhidwa kukhala *teamleider*, mtsogoleri wa kagulu kanu. Tiumange uthenga wake pang'onopang'ono.

Gefeliciteerd: mawu otsegulira

Liwu loyamba ndi *gefeliciteerd*. Limachokera ku mneni *feliciteren*, amene Adatchi anabwereka ku Chifalansa, ndipo muzu wake ndi liwu la Chilatini lakuti *felix*, lonena za munthu wodala kapena wamwayi. Kwenikweni *gefeliciteerd* ndi chidutswa cha chiganizo. Lili ngati munthu atati "mwayamikiridwa", osatchula woyamikirayo. Ife timachitanso chimodzimodzi tikamati "zikomo" kapena "pepani": chiganizo chonse chinafota, panatsala liwu limodzi limene limasenza zonse.

Lili ndi maphatikizo asanu, *ge-fe-li-ci-teerd*, ndipo mphamvu imagwera pa lomaliza. Chilembo *c* chimamveka ngati s. Chilembo *d* cha kumapeto chimamveka ngati t. Chovuta ndi *g* woyambayo. Si g wa mu "galu", komanso si kh wa mu "khasu". Mpweya umatuluka mokhula kukhosi osadukiza, monga mmene munthu amachitira pofuna kuchotsa kanthu kamene kamuima pammero. Ku Amsterdam ndi kumpoto konse amamukhula kwambiri. Kumwera kwa Holandi ndi ku Beljiyamu amamutchula mofewa, pafupi ndi m'kamwa. Onsewo ndi olondola, choncho sankhani amene lilime lanu lingathe.

Chinthu chimene mukumuyamikira nacho munthuyo chimalumikizidwa ndi kaliwu kakuti *met*, kamene ndi "ndi" wathu. Motero chiganizo choyamba cha kwa Sanne n'chakuti *Gefeliciteerd met je promotie!* Ophunzira ambiri amaikapo *op* kapena *voor* potengera zinenero zina zimene anaphunzira kale, ndipo Mdatchi amamva msanga kuti pakhota. Mukafuna kuwonjezera kutentha, ikani patsogolo *van harte*, kutanthauza kuchokera mumtima, kapena *hartelijk*, amene tanthauzo lake n'lomwelo. *Van harte gefeliciteerd* amakwana paliponse, kwa mnzanu ngakhale kwa mkulu wa kampani. Anthu ena amangoti *Van harte!* n'kuthera pomwepo.

Pa kalembedwe, eni chinenero nawonso amapunthwa. Poti khutu limamva t, dzanja limafuna kulemba *gefeliciteert*, zomwe n'zolakwika. Ana asukulu kumeneko amaloweza kaliwu kowakumbutsa, *'t kofschip*, dzina la mtundu wa chombo chakale. Ngati tsinde la mneni likuthera ndi t, k, f, s, ch kapena p, zomwe ndi zilembo za m'kaliwuko, mneni wonena zochitika kale amathera ndi t. Likathera ndi chilembo china, amathera ndi d. Tsinde la *feliciteren* ndi *feliciteer*, lothera ndi r, ndipo r mulibe m'chombomo. Choncho ndi d.

Pali liwu lina limene ndikupemphani kuti mulisiyanitse bwino ndi limeneli: *gecondoleerd*. Limayamba mofanana, limatha mofanana, nalonso limatsatidwa ndi *met*, koma ndi la pamaliro. Ndi "pepani" wa kwa anamfedwa. Munthu amene waloweza mawu awiriwa sabata imodzi angathe kuwasinthanitsa lilime likathamanga, ndipo palibe cholakwa china pa nkhani yonseyi chimene chingapweteke kuposa chimenechi.

Proficiat, ndi mawu amene anthu a ku Joni amawadziwa

Chidatchi si cha ku Holandi kokha. Chimalankhulidwanso kumpoto kwa Beljiyamu, dera lotchedwa Vlaanderen, ndiponso ku Suriname. Mu 1980 Holandi ndi Beljiyamu anakhazikitsa bungwe la Taalunie loyang'anira chinenerochi, ndipo kalembedwe n'kamodzi m'maiko onsewa. Koma mawu a tsiku ndi tsiku amasiyana, monga mmene Chichewa cha ku Lilongwe chimasiyanirana ndi Chinyanja cha ku Chipata kapena ku Lusaka, anthu n'kumamvana ndithu.

Ku Antwerpen kapena ku Gent, mizinda ya ku Vlaanderen, liwu limene mudzalimva kwambiri ndi *proficiat*, lotchulidwa pro-fi-si-at, mphamvu ili pa fi. Ndi Chilatini chosasinthidwa n'komwe, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "zikupindulire". Limamvekanso m'zigawo za kumwera kwa Holandi, Noord-Brabant ndi Limburg, kumene mpingo wa Katolika unazika mizu kuyambira kale, monganso ku Vlaanderen. Nalonso limatsatidwa ndi *met*: *Proficiat met je promotie!* Anthu a ku Vlaanderen akakondwa kwambiri amati *dikke proficiat*, mayamikiro onenepa. Palibe liwu loposa linzake pa awiriwa. Wa ku Gent sadzadabwa ndi *gefeliciteerd*, ndipo wa ku Groningen, kumpoto kwa Holandi, adzamva *proficiat*, kungoti adzaganiza kuti Chidatchi chanu munachiphunzira kumwera.

Amene anakhalako ku Joni ali ndi msampha wawo. M'Chiafirikanzi, chinenero chimene chinaphuka kuchokera ku Chidatchi, poyamikira munthu amati *veels geluk* kapena *baie geluk*. M'Chidatchi muli mawu ofanana nawo, *veel geluk*, koma iwo amayang'ana kutsogolo. Ndi ofunira munthu mwayi ndi chimwemwe, monga polowa m'banja kapena m'nyumba yatsopano. Mukawanena okhaokha kwa munthu amene wangokwezedwa, simunamuyamikire pa zimene wachita, ndipo angamve ngati mukuti pa udindowu adzadalira mwayi.

Promotie: liwu limodzi, nkhani zingapo

Liwu lakuti *promotie* limachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kusunthira chinthu patsogolo. Ku Holandi amalitchula pro-mo-tsi, ku Beljiyamu pro-mo-si. M'kampani, *promotie maken* kapena *promotie krijgen* ndiko kukwezedwa udindo, ndipo mu ofesi ya Sanne palibe amene angasokonezeke.

Ku yunivesite nkhani imasintha. Kumeneko *promotie* ndi mwambo umene munthu amateteza kafukufuku wake pamaso pa mapulofesa n'kulandira digiri ya udokotala wa maphunziro. Ndi mwambo wakale ndithu. Wophunzirayo amaima pakati pa anzake awiri omulimbitsa mtima, otchedwa *paranimfen*, monga ankhoswe amaimira pambali pa akwati. Mafunso amapitirira mpaka mkulu wa mwambo atalowa ndi ndodo n'kulengeza m'Chilatini kuti *Hora est*, nthawi yakwana. Choncho Mdatchi akamva kuti *zij is gepromoveerd*, wapeza *promotie*, popanda mawu ena, nthawi zambiri amaganiza za digiri, osati za udindo. Timu ya mpira ikakwera kuchoka mu Eerste Divisie kupita mu Eredivisie, imeneyonso ndi *promotie*. Ndipo m'masitolo a ku Beljiyamu, katundu amene ali *in promotie* ndi wotsitsidwa mtengo. Zili ngati liwu lathu lakuti "kukwera": mitengo ya zinthu imakwera, munthu amakwera basi, wina amakwera paudindo, ndipo chimene chimakuuzani tanthauzo ndi malo amene mwaima.

Tsono taganizirani mphunzitsi wa pa yunivesite amene analandira udokotala wake zaka khumi zapitazo, ndipo lero wachoka pa *universitair docent* kufika pa *universitair hoofddocent*. Mukamulembera *gefeliciteerd met je promotie*, angaime kaye n'kudzifunsa ngati mukudziwa kuti udokotalawo ali nawo kale. Liwu losasokoneza pamenepo ndi *bevordering*, kukwezedwa pa makwerero a maudindo. Limagwiranso ntchito kupolisi, kuusilikali ndi m'boma. Munthu akaikidwa pa mpando wodziwika, monga upulofesa, uwoweruza kapena ukulu wa bungwe, amati *benoeming*, ndipo mpandowo umalumikizidwa ndi *tot*: *je benoeming tot directeur*.

Nthawi zina simudziwa ngati mnzanuyo wakweradi kapena wangosamukira ku dipatimenti ina pa mlingo womwewo. Zikatero lembani *Gefeliciteerd met je nieuwe functie*, udindo wako watsopano. Mawu amenewa ndi oona mbali zonse ziwiri. Musalembe *nieuwe baan* pokhapokha ngati akupita kukagwira ntchito kwina.

Je kapena u

Apa m'pamene mtima wa Mchewa umalimbana ndi chinenerochi. Kwathu munthu wamkulu, ngakhale mnzathu wa msinkhu umodzi pantchito, timamutchula kuti inu. Kumutchula bwana kuti iwe ndi chipongwe chosachita kufunsa. M'Chidatchi mulinso awiriwa: *je* kapena *jij* ndi iwe, *u* ndi inu waulemu. Chilembo *j* chimamveka ngati y, ndipo *u* amatchulidwa milomo itasongoka ngati mukuti u, koma lilime likunena i. Kusiyana kuli pa malo amene malire amadutsa.

Mbiri yake ndi yokhotakhota. Kalekale iwe wa Chidatchi anali *du*, ndipo *gij* anali wa anthu ambiri komanso waulemu. M'kupita kwa nthawi *du* anafa, *gij* n'kutenga malo onse, ndipo m'chigawo cha Holland anthu ankamutchula kuti *jij*. Baibulo lotchuka la 1637 linagwiritsa ntchito *gij*, n'chifukwa chake ku Holandi lero liwuli limamveka la m'tchalitchi. Pambuyo pake *u* anadzakhala liwu laulemu, ndipo akatswiri ambiri amalilumikiza ndi mawu a m'makalata akale akuti *Uwe Edelheid*, ofanana ndi "olemekezeka". Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, *je* wakhala akulanda malo. M'maofesi ambiri a ku Holandi lero, wantchito watsopano amatchula mkulu wake dzina loyamba ndi *je*, ndipo palibe amene amaona chachilendo.

Tanthauzo lake kwa Sanne ndi ili. Ngati dzulo mumamutchula *je* pomwa khofi, lero musasinthe chifukwa choti wakwera. Kwathu kusintha kotero kukanakhala ulemu: mnzathu akakhala mfumu timasiya kumuitana dzina. Kwa Sanne, *u* wadzidzidzi angamveke ngati mwabwerera m'mbuyo masitepe awiri, kapena ngati mukumunyogodola. N'chimodzimodzinso kumutcha *baas*, bwana. Pakati pa anzake apamtima liwuli lingakhale nthabwala, koma si ulemu. *U* musungireni munthu amene simunazolowerane naye, wamkulu kwambiri pa msinkhu kapena pa udindo, kapena wa kubungwe lina amene mumalemberana naye makalata okhaokha. Amene amapereka chilolezo chosiya *u* ndi wamkuluyo, ndipo amatero ndi mawu akuti *zeg maar je*, ungonditchula *je*.

Ku Vlaanderen kuli chinthu china chimene chimasokoneza alendo. Polankhula, anthu ambiri amagwiritsabe ntchito *ge* ndi *gij* kwa anzawo, ndipo mawu oyenda nawo ndi *u* ndi *uw*. Choncho mnzanu wa ku Antwerpen akati *proficiat met uw promotie*, sikuti watalikirana nanu. Akulankhula mwa kwawo. Polemba, ambiri amabwerera ku *je*.

Pali kachilembo kamodzi koti musakaiwale. "Yako" ndi *je* kapena *jouw*, "yanu" ndi *uw*. *Jou* ndi *u* opanda w amanena za munthuyo, osati za chinthu chake. *Met jou promotie* ndi *met u promotie* n'zolakwika zonse, ngakhale kuti pakamwa kusiyanako sikumveka kwenikweni.

Chiganizo chapakati, chimene chimanyamula mtima

Aliyense pa khadi ija walemba *gefeliciteerd*. Chimene chimasiyanitsa uthenga woona ndi wongokwaniritsa mwambo ndi chiganizo chotsatira, ndipo n'chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Adatchi ali ndi mwambi umene amaunena kawirikawiri: *Doe maar gewoon, dan doe je al gek genoeg*. Ukunena kuti ungokhala monga munthu wamba, pakuti kumeneko n'kupenga kokwanira kale. Ena amaukonda, ena amati umapondereza anthu aluso, koma onse amaudziwa, ndipo umafika mpaka pa kayamikiridwe. Mawu akuluakulu, monga kumutcha munthu mtsogoleri wosayerekezeka kapena nyenyezi ya kampani, amamveka ngati malonda. Wolandira amayamba kufunafuna chimene mukufuna kwa iye. Kwathu kuchulutsa mawu ndi njira yoonetsera kuti nkhaniyo taitenga mozama, monga mmene mlendo wolemekezeka sitimupatsa ndiwo za mtundu umodzi. Kumeneko chimene chimaonetsa kuzama ndi kulunjika: kutchula chinthu chimodzi chimene mwachionadi ndi maso anu.

Mawu afupi kwambiri ndi onena kuti zamuyenera. *Welverdiend* ndiye wokhazikika, *dik verdiend* ndi wa pakati pa anzake, ndipo chiganizo chathunthu ndi *Je hebt het verdiend*. Pano d ndi t abweranso. *Je hebt het verdiend*, wazigwirira ntchito, amathera ndi d. *Je verdient het*, zikukuyenera, amathera ndi t, chifukwa ndi za nthawi ino. Pakamwa n'zofanana, papepala ayi.

Ndiye pali mneni amene ndimamukonda kwambiri m'chinenerochi, *gunnen*. M'Chichewa tilibe liwu limodzi lolingana naye. Ndi kuona chabwino chili m'manja mwa mnzako, mtima wako n'kuvomera kuti chikhale momwemo, popanda kaduka. *Het is je gegund*, kapena motentha, *Ik gun het je van harte*, akunena kuti "ndakondwa kuti zagwera iwe, ndipo mumtima mwanga mulibe kanthu". Mawu amenewa amalemera kwambiri pamene nonse awiri munafunsira udindo womwewo ndipo wapambana ndi iye. Ofesi yonse ikudziwa, iyenso akudziwa, ndipo mwina akuchita mantha kukumana nanu pa khonde. Chiganizo chimodzi chimenechi chimamasula zonsezo popanda kufotokoza zambiri. Koma chinenedwe ngati chili choona. Ngati bala likadali laliwisi, *gefeliciteerd* ndi *veel succes*, zikuyendere bwino, n'zokwanira, ndipo palibe amene angakuoneni ngati wamwano.

Kenako tchulani chinthu chanu chimodzi chija. Tinene kuti chaka chathachi ntchito inachuluka, anthu awiri anachoka, ndipo Sanne ndi amene ankagawa ntchito mosakalipa. Mungalembe kuti *Je hebt ons rustig door een druk jaar heen geholpen*, watidutsitsa modekha m'chaka chotanganidwa. Ngati Chidatchi chanu sichinafike pamenepo, pali zosavuta: *Ik heb veel van je geleerd*, ndaphunzira zambiri kwa iwe, kapena *Je hebt er hard voor gewerkt*, unalimbikira kuti zitheke. Njira yoyesera chiganizo chanu ndi yosavuta. Chotsani dzina la Sanne n'kuikapo la munthu wina aliyense mu ofesimo. Ngati chikukwanabe, ndiye kuti sichinanene kanthu za Sanne.

Zinthu zina zimene kwathu n'zokoma, kumeneko zimapotoka. "Musatiiwale" wathu ndi nthabwala yachikondi, yokumbutsa kuti ubale usathe. M'Chidatchi imamveka ngati mukupempha kukonderedwa, ndipo kukondera anzako pantchito kuli ndi dzina lake loipa, *vriendjespolitiek*. Za malipiro atsopano safunsa. Kutchula Mulungu kumafuna kumudziwa munthuyo, chifukwa anthu oposa theka ku Holandi sali mu mpingo kapena chipembedzo chilichonse, ndipo ambiri amaona chikhulupiriro ngati nkhani ya kunyumba. Kwa mnzanu amene mumapemphera naye, *Gods zegen*, madalitso a Mulungu, adzawalandira ndi manja awiri. "Takunyadirani" wathu ndi *ik ben trots op je*, ndipo amakoma akachokera kwa mnzake wapamtima kapena kwa amene anamuphunzitsa ntchito; akachokera kwa munthu wapatali, amamveka ngati kholo likulankhula ndi mwana. Samalaninso ndi *eindelijk*, "pamapeto pake zatheka". Inu mukutanthauza kuti anayenera kukwezedwa kalekale, koma iye angamve kuti wachedwa.

Mafuno otsekera

Chiganizo chomaliza chimayang'ana kutsogolo. *Veel succes in je nieuwe functie* ndi chimene ambiri amalemba, kumufunira kuti ziyende bwino. Chotentha pang'ono ndi *veel plezier*, ukasangalale nayo ntchitoyo. Kwa ife zingamveke zopepuka kufunira munthu chisangalalo pa udindo, koma kumeneko ndi mafuno enieni. Liwu loti mulipewe ndi *sterkte*, mphamvu. Ife tikamati mutu ukakula sulewa nkhonya timakhala tikumulimbitsa munthu pa udindo, ndipo mungaganize kuti *sterkte* ndi yemweyo. Koma limeneli amauza wodwala, woferedwa, kapena amene akukumana ndi zowawa.

Uthenga wonse

Tikaika zonse pamodzi, imelo kapena uthenga wa pafoni wa kwa Sanne ukhala chonchi:

> Hoi Sanne,
>
> Gefeliciteerd met je promotie! Dik verdiend. Je hebt ons rustig door een druk jaar heen geholpen. Veel plezier in je nieuwe rol.
>
> Groet,

Pansi pake dzina lanu loyamba. Thunthu lake ndi mawu 22 okha. *Hoi* ndi moni wa anzake. *Beste Sanne* ndi wapakatikati ndipo salakwika. Ku Vlaanderen mudzaonanso *Dag Sanne*. Pambuyo pa moniyo pamabwera mpumiro, ndipo mzere wotsatira umayamba ndi chilembo chachikulu. Potseka, *Groetjes* ndi wa anthu ozolowerana, *Hartelijke groet* ndi wotentha koma waulemu. Pa khadi ija, pamene malo ndi a chala chimodzi, siyani moni ndi kutsanzika: *Van harte, Sanne! Dik verdiend.* ndi dzina lanu. Ngati mukulembera gulu lonse, onjezani *namens het hele team*, m'malo mwa gulu lonse.

Kwa mayi wamkulu amene simunazolowerane naye, amene waikidwa kukhala mkulu wa bungwe, muyamba ndi *Geachte mevrouw* ndi dzina la banja lake, ndipo kwa bambo *Geachte heer*:

> Van harte gefeliciteerd met uw benoeming tot directeur. Ik wens u veel succes in uw nieuwe functie.
>
> Met vriendelijke groet,

Onani kuti ulemu wakwera koma utali sunakwere. *U* ndi *uw* amalembedwa ndi zilembo zazing'ono. Chilembo chachikulu ndi kalembedwe kakale.

Mukakumana naye pamaso, mugwireni chanza, muyang'aneni m'maso, n'kunena *Gefeliciteerd!* Mungawonjezere *Wat leuk voor je*, zakukomera bwanji. Kuyang'ana pansi, kumene kwathu ndi ulemu, kumeneko kungaoneke ngati simukunena zochokera mumtima. Kupsompsonana patsaya katatu ndi kwa abale ndi mabwenzi, ndipo mu ofesi n'kwabwino kudikira kuti ayambe ndi iye. Adzayankha kuti *dank je wel*, zikomo, ndipo mwina adzachepetsa nkhaniyo ndi mawu awiri atatu. Musadabwe tsiku lotsatira mukapeza keke patebulo atabweretsa ndi iye mwini. Mwambowu amautcha *trakteren*: amene zamuyendera bwino ndiye amadyetsa anzake, monga amachitiranso pa tsiku lake lobadwa. Ku Limburg kekeyo kawirikawiri imakhala *vlaai*, chitumbuwa chophwatalala cha zipatso.

Zimene eni ake sanamvanebe

Pa *je* ndi *u* mkangano udakalipo. Ena, makamaka achikulire, amakhumudwa kampani kapena munthu wosamudziwa akawatchula *je*, ndipo amati chinenero chikutaya njira yoonetsera ulemu. Ena amati *u* amamanga khoma pakati pa anthu ogwira ntchito imodzi, ndipo akatchulidwa *u* amamva ngati akalambitsidwa. M'makhothi, m'zipatala ndi m'maofesi ena a boma malirewo sali pamene ali m'makampani a achinyamata, ndipo ku Vlaanderen anthu amasunga ulemu wa m'makalata nthawi yotalikirapo kusiyana ndi ku Amsterdam. Kodi mlendo atsate chizolowezi cha ofesi yake, kapena ayambe ndi *u* n'kudikira kuuzidwa *zeg maar je*? Mukafunsa Adatchi awiri, mungalandire mayankho awiri.

Funso lina ndi la chinenero chenichenicho. M'makampani ambiri a ku Amsterdam, Eindhoven ndi Brussel, ntchito imayenda m'Chingerezi, ndipo achinyamata ambiri amayamikirana ndi mawu achidule a Chingerezi, kapena kudula liwu lawo lomwe n'kulemba *gefeli*. Ena amaona kuti mlendo akalemba m'Chidatchi, ngakhale molakwitsa d ndi t, waonetsa kuti wadzipereka. Ena amati munthu alembe m'chinenero chimene angathe kunenamo zoona zake momasuka.

Palinso nkhani ya malo. Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la nkhani za ntchito, munthu akalengeza udindo watsopano, pamabwera mawu okonzeratu amene mumangodina, ndipo pansi pake pamadzaza mayamikiro ofanana. Ena amati kuyamikira poyera kumamukweza munthuyo pamaso pa anthu a ntchito yake, choncho n'kothandiza ngakhale mawuwo akhale obwereza. Ena amati chiganizo chonga *ik gun het je van harte* n'cha anthu awiri, ndipo chikalembedwa pagulu chimasanduka chionetsero. Ndipo pamene mnzanu wa dzulo wasanduka mkulu wanu, kodi chiganizo chapakati chija chifike pati chisanayambe kumveka ngati mukudzigulira malo? Pamenepa Adatchi enieniwo amasiyana, ofesi ndi ofesi.